Mafunso ndi mayankho: momwe sipuredi, komishoni ndi silipeji zimadyera phindu la tiredi zamphindi zochepa

Mafunso awa amachokera kwa anthu amene amachita malonda a ndalama zakunja poyang'ana tchati cha mphindi imodzi, zisanu kapena khumi ndi zisanu. Chitsanzo chomwe tiyende nacho ndi `EURUSD` pa MetaTrader, chifukwa ambiri amayambira pomwepo, komanso ndi msika wotsika mtengo kuposa ina yonse. Njira ikalephera kudzilipirira pamenepa, kwina zinthu zimakula.

Ndangogula kumene, mtengo sunasunthe, koma ndili kale pa minasi. Chachitika n'chiyani?

Mwalipira sipuredi. Pamsika palibe mtengo umodzi, ilipo iwiri nthawi zonse. Aliyense amene anasinthapo ndalama kubanki kapena kumalo osinthira ndalama akudziwa bolodi lija la mizere iwiri: mtengo umene iwo amakugulirani dola, ndi wina wokwererapo umene amakugulitsirani. Mutagula dola n'kuigulitsa pompo osatuluka pakhomo, mubwerera ndi ndalama zoperewera.

Pa MetaTrader mitengo iwiriyi imalembedwa `Bid` ndi `Ask`. Pogula mumagulira pa `Ask`, wokwerawo, ndipo potseka mumagulitsira pa `Bid`, wotsikawo. Mukayamba ndi kugulitsa, zimatembenuka: mumalowera pa `Bid` n'kutulukira pa `Ask`. Tinene kuti `Bid` ili pa 1.08500 ndipo `Ask` ili pa 1.08512. Mpata wake ndi mapipi 1.2. Mwagula pa 1.08512, koma chinthu chanucho pakadali pano chingagulidwe pa 1.08500 basi. Minasi mukuionayo ndi imeneyo. Sipuredi mumailipira kamodzi pa tiredi iliyonse, mupambane kapena muluze.

Nanga pipi imodzi ndi ndalama zingati?

Pa `EURUSD`, pipi ndi 0.0001. Loti imodzi yathunthu ndi mayuro 100,000, choncho pipi imodzi ndi madola 10. Pa loti ya 0.10 ndi dola imodzi, pa loti ya 0.01 ndi masenti 10. Chenjerani ndi nambala yachisanu yakumapeto: MetaTrader imawerenga sipuredi m'mapointi, ndipo mapointi 10 ndiwo pipi imodzi. Mukaona 12, ndiye kuti ndi mapipi 1.2.

Buloka wanga akuti akaunti yanga ilibe komishoni. Ndiye kuti ndikuchita ulere?

Ayi ndithu. Mabuloka ambiri ali ndi maakaunti amitundu iwiri. Pa mtundu woyamba salemba komishoni, koma phindu lawo amaliika mkati mwa sipuredi, moti `EURUSD` imakhala pa pipi imodzi kapena kuposerapo. Pa mtundu wachiwiri sipuredi ndi yaing'ono kwambiri, mwina 0.1 kapena 0.2 msika ukamayenda bwino, koma amadula komishoni padera. Mtengo wofala ndi madola 3.50 pa loti polowa ndi ena 3.50 potuluka, onse pamodzi madola 7.

Kuti muyerekeze bwino, sandutsani komishoniyo kukhala mapipi. Madola 7 pa loti imene pipi yake ndi madola 10 ndi mapipi 0.7. Onjezerani sipuredi ya 0.2, mupeza 0.9. Ndiye akaunti ya komishoni ikudya 0.9, ija "yaulere" ikudya 1.2. Powerenga zolemba za buloka, onetsetsani ngati nambala ya komishoni ndi ya mbali imodzi kapena ya ulendo wonse. Ambiri amalengeza ya mbali imodzi, munthu n'kumaganiza kuti ndi yonse.

Silipeji ikusiyana bwanji ndi ziwirizi?

Sipuredi mumaiona musanalowe, komishoni inalembedwa pa mgwirizano. Silipeji ndiyo simungaidziwiretu. Ndi kuterereka kwa mtengo pakati pa nthawi imene oda yanu yanyamuka ndi nthawi imene yakwaniritsidwa. Mwadina pa 1.08512, lamulo lanu layenda pa netiweki kukafika kwa buloka, pofika uko mtengo uli pa 1.08517, ndipo mwagulira pamenepo. Theka la pipi lapita.

Nthawi zina kutererekako kumakukomerani. Koma pa `Stop Loss` kawirikawiri kumakupwetekani, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Sitopu si lonjezo la mtengo. Ndi lamulo lakuti mtengo ukafika apa, nditulutseni pa mtengo uliwonse umene ulipo. Tsono mtengo umafika pa sitopu uli pa liwiro lokuthawani, choncho mtengo wotsatira umakhala woipirapo. Chimodzimodzi kwa amene amalowa ndi `Buy Stop` mtengo ukaboola mzere: amalowa pamodzi ndi khwimbi la anthu ena amene anajambula mzere womwewo, ndipo mitengo yabwino imatha msanga.

Zonsezi ndi tinthu tating'ono. Pipi imodzi ingaphe bwanji njira imene ikupambana?

Funso ili ndilo mutu wa nkhani yonse, ndiye tiyeni tiwerengere pamodzi mosathamanga.

Tiyerekeze kuti mwapeza njira pa tchati cha `M5`, cha mphindi zisanu. Mumayembekeza kandulo itseke pamwamba pa mzere wanu, n'kugula, cholinga chili mapipi 10 kumwamba, sitopu mapipi 10 kumunsi. Mwabwerera m'mbuyo pa tchati, mwawerenga mipata 100, mwapeza kuti 55 inafika pa cholinga, 45 inagunda sitopu. Imeneyi ndi njira yabwino ndithu, musaipeputse. Phindu lake ndi mapipi 550, kuluza kwake 450, otsala 100. Koma taonani nambala imeneyi mwa njira ina: mapipi 100 pa matiredi 100 ndi pipi imodzi yokha pa tiredi. Luso lanu lonse, maso ofiira ausiku aja, mtengo wake ndi pipi imodzi nthawi iliyonse mukadina.

Tsopano bweretsani sipuredi ya 1.2. Pa matiredi 100 ndi mapipi 120. Mwapeza 100, mwalipira 120, muli pa minasi 20 silipeji isanabwere n'komwe. Tinene kuti sitopu iliyonse imaterereka ndi theka la pipi. Masitopu 45 akuchotsa mapipi ena 22.5. Pomaliza muli pa minasi 42.5.

Mwina munena kuti ndisamukira ku akaunti ya komishoni. Kumeneko mulipira mapipi 90, mutsala ndi 10, silipeji ija idya 22.5, mutsirize pa minasi 12.5. Mwachepetsa bala, koma magazi akutulukabe.

Tiziike m'ndalama. Muli ndi madola 500, mukugwiritsa loti ya 0.10, matiredi asanu patsiku, masiku 20 pamwezi. Pa akaunti yoyamba ija mwalipira madola 142.50 m'mwezi umodzi, amene ndi 28.5 peresenti ya mpamba wanu wonse. Palibe tsiku limene munaona ndalama yaikulu ikuchoka. Zimandikumbutsa nankafumbwe m'thumba la chimanga: kunja thumba lili bwinobwino, mudzadziwa tsiku lopita kuchigayo. Chimene chimandiwawa n'chakuti munthu wotere amayamba kudziimba mlandu kuti sadziwa kuwerenga tchati, amasintha mizere, amalipira maphunziro ena, pamene tchati ankachiwerenga bwino. Vuto linali lakuti phindu la njira yake linali lochepa kuposa mtengo wolowera pamsika.

Ndingadziwe bwanji kuti ndiyenera kupambana kangati kuti ndingobweza ndalama zanga?

Pali kawerengedwe kachidule. `C` ndi cholinga, `S` ndi sitopu, `M` ndi zonse zimene mumalipira pa tiredi imodzi, zonsezi m'mapipi:

```
(S + M) / (C + S)
```

Pa chitsanzo chathu, 10 kuphatikiza 1.2, kugawa ndi 20, ikupereka 56 peresenti. Inu muli pa 55, n'chifukwa chake mukumira pang'onopang'ono. Tsopano fupikitsani: cholinga 5, sitopu 5. Mufunika 62 peresenti. Talikitsani kufika pa 50 ndi 50, mufunika 51.2 peresenti yokha. Sipuredi sinasinthe m'zitsanzo zitatuzi, ndi 1.2 yomweyo. Chasintha ndi kukula kwa mtunda umene mukufuna kudya. Munthu wofuna mapipi asanu wapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a cholinga chake asanayambe ulendo, ndipo kupambana maulendo 62 pa 100 aliwonse kwa miyezi yambiri, cholinga ndi sitopu zili zofanana, si chinthu chamasewera.

Koma pa mbiri ya akaunti yanga ndikapambana ndimapeza mapipi 10 enieni, ndikaluza ndimaluza 10 enieni. Sipurediyo ili pati?

Yabisala m'chiwerengero cha matiredi amene mumapambana, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Mwagula pa `Ask` 1.08512, mwaika `Take Profit` pa 1.08612 ndi `Stop Loss` pa 1.08412. Zonse ziwiri zili mapipi 10 kuchokera polowera. Koma ziwirizi zimayang'ana `Bid`, ndipo `Bid` inali pa 1.08500 pamene munkalowa. Kuti mupambane, iyenera kukwera mapipi 11.2. Kuti muluze, ingotsika mapipi 8.8. Khomo loluzira lili pafupi kuposa lopambanira.

Ngakhale msika utamayenda mwachisawawa, osakondera mbali, mpata wanu si 50 pa 100 ayi, ndi 8.8 kugawa ndi 20, kutanthauza 44 pa 100. Ndiye njira ija imene pa tchati inkaonetsa 55 imadzaonetsa cha m'ma 49 pa akaunti yeniyeni. Matiredi amene anasandulika ndi aja amene mtengo unafika pafupi kwambiri ndi cholinga n'kubwerera. Mukaona kuti zimenezi zikuchitika kawirikawiri, musathamangire kunena kuti alipo akukuonerani. Ndi mapipi 1.2 aja.

Sitopu yanga yagundidwa koma kandulo sinafike pamenepo. Kodi andibera?

Musanakwiye, onani ngati inali tiredi yogulitsa. Makandulo a `EURUSD` pa MetaTrader amajambulidwa ndi `Bid`, pamene sitopu ya tiredi yogulitsa imagundidwa ndi `Ask`, imene pa makandulo sioneka. Tinene kuti munagulitsa pa 1.08500, sitopu pa 1.08600. Usiku `Bid` yakwera kufika 1.08550, ndipo nthawi yomweyo sipuredi yatambasuka kufika mapipi 6. `Ask` ili pa 1.08610, mwatulutsidwa. M'mawa mukuyang'ana tchati, nsonga ya kandulo ili pa 1.08550, theka la ulendo wopita ku sitopu yanu.

Dinani `F8` pa tchati, musankhe kuonetsa mzere wa `Ask`. Pa MetaTrader 4 bokosilo linalembedwa `Show Ask line`. Mukatero mudzaona ndi maso mizere iwiriyo ikutalikirana ndi kuyandikana. Sindikunena kuti mabuloka onse ndi oyera mtima. Ngati tiredi inali yogula, kandulo sinafike pa sitopu, koma mwatulutsidwa, lembani nambala ya tiredi ndi nthawi yake, mufunse buloka akuonetseni mitengo ya mphindi imeneyo.

Ndi nthawi ziti zimene sipuredi imatambasuka?

Yodziwika kwambiri ndi 5 koloko madzulo ku New York, pamene tsiku la malonda limatha ndipo mabanki akuluakulu amachepetsa mitengo imene akupereka. Pa wotchi ya ku Malawi, imene ndi yofanana ndi ya ku Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa, imeneyi ndi 11 koloko usiku kuyambira m'Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndi 12 koloko usiku miyezi inayo, chifukwa ku America amasintha mawotchi. Tsoka lake n'lakuti iyi ndi nthawi imene munthu wogwira ntchito masana amapeza mpata wokhala pa foni. Msika ukamatsegulidwa Lamlungu usiku zimakhalanso chimodzimodzi.

Ina ndi nthawi ya nkhani zikuluzikulu. Lipoti la ntchito la ku America, limene pa kalendala ya amalonda limalembedwa `NFP`, limatuluka kawirikawiri Lachisanu loyamba la mwezi, 8:30 m'mawa ku New York, imene kuno ndi 2:30 kapena 3:30 masana malinga ndi nyengo. Pa masekondi amenewo sipuredi ndi silipeji zimabwera pamodzi, ndipo sitopu ya mapipi 10 ikhoza kutseka pa 20 kapena kuposa.

Sipuredi imakhala yopapatiza kwambiri London ndi New York zikakhala zotsegula nthawi imodzi, cha m'ma 2 koloko masana mpaka 6 koloko madzulo kuno, kapena ola limodzi mochedwerapo miyezi ya Novembala mpaka Malichi.

Silipeji ingafike poipa bwanji?

Pa 15 Januwale 2015, banki yaikulu ya dziko la Switzerland inasiya mwadzidzidzi kuteteza mtengo wa 1.20 pa `EURCHF`, kutanthauza yuro poyerekeza ndi ndalama ya dzikolo, umene inakhala ikuugwira kuyambira 2011. M'mphindi zochepa mtengo unagwa kufika pansi pa 1.00. Anthu amene anaika masitopu pansi pang'ono pa 1.20 anatulutsidwa kutali zedi, chifukwa pakatipo panalibe wogula. Ambiri anatsala ndi ngongole kuposa ndalama zimene anaika. Kampani ya Alpari UK inagwa, ndipo FXCM inalengeza kuti makasitomala ake anali ndi ngongole ya madola pafupifupi 225 miliyoni. Zoterezi sizichitika chaka chilichonse, koma zikuonetsa poyera chimene sitopu ili.

Ndikamalowa ndi `Buy Limit` kapena `Sell Limit`, sindipewa silipeji?

Mumaipewa, pakuti oda yotere imakwaniritsidwa pa mtengo wanu kapena wabwinopo. Koma mumalipira mwa njira ina. Mtengo ukathamanga osabwerera kudzakutengani, mumatsala, ndipo matiredi othamanga chonchiwo ndi amene akanapambana. Amene amabwerera kudzakutengani ena mwa iwo amapitirira mpaka ku sitopu. Sipuredi nayo simunaithawe: `Buy Limit` imadikira `Ask`, choncho kandulo ikhoza kukhudza mzere wanu inu osalowa. Poyesa njira pa tchati chakale, musawerenge tiredi imene kandulo inangokhudza mzere. Werengani yokhayo imene inapitirira ndi mpata wa sipuredi.

Njira yanga ikuoneka bwino poiyesa pa mbiri yakale. Ndingaikemo bwanji mitengoyi?

Pa TradingView, komishoni ndi silipeji zimayambira pa ziro mpaka mutaziika nokha pa `Properties`, m'mabokosi a `Commission` ndi `Slippage`. Silipeji kumeneko imawerengedwa m'timasitepe tating'ono kwambiri ta mtengo, ndiye pa `EURUSD` ya manambala asanu, 10 ndiyo pipi imodzi. Anthu ambiri amalemba 1 n'kumaganiza kuti aika pipi. Pa MetaTrader 4, bokosi la `Spread` likakhala pa `Current` limatenga sipuredi ya nthawi imene mukuyesayo n'kuigwiritsa pa zaka zonse, ngati kuti usiku ndi masana n'zofanana. Pa MetaTrader 5 sankhani `Every tick based on real ticks`, imene imagwiritsa mitengo iwiri yonse monga inalembedwera.

Mukamaliza, yesaninso mutachulukitsa kawiri zonse zimene mumalipira pa tiredi. Njira imene phindu lake limatheratu mukatero ndi yoonda kwambiri moti sindingaiikire ndalama. Akaunti yoyeserera nayo musaikhulupirire kwambiri pa nkhani ya silipeji, chifukwa maoda ake sapita kumsika weniweni.

Mtengo wanga weniweni ndingauyeze bwanji?

Ndi kope ndi cholembera, pa loti yaing'onong'ono ya 0.01. Pa tiredi iliyonse lembani zinthu zinayi: sipuredi pa nthawi yolowa, mtengo umene munafuna ndi umene munapatsidwa, pamene munaika sitopu ndi pamene inatsekera, ndi komishoni yochokera pa mbiri ya akaunti. Musaiwale ola. Mukafika matiredi 30 kapena 50, phatikizani n'kugawa. Nambala imeneyo ndiyo `M` yanu, osati imene ili pa chikwangwani cha buloka, imene kawirikawiri imakhala yotsikitsitsa ya tsiku lonse. Ngati netiweki ya kwanuko imadukaduka, zidzaonekera pa kusiyana kwa mtengo wofuna ndi wopatsidwa.

Nanga golide, `USDZAR` ndi kiripito?

Mapipi a msika wina sangayerekezedwe ndi a msika wina. Chimene mungayerekeze ndi mtengo wa tiredi poufanizira ndi kutalika kwa kandulo wamba pa tchati chanu, kumene chida cha `ATR` chimakuuzani. Ngati kandulo ya `M5` imayenda mapipi 4 ndipo inu mukulipira 1.4, mukupereka kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a kandulo yonse. `USDZAR` imakopa abale athu a ku Joni chifukwa randi amaidziwa, koma sipuredi yake ndi yaikulu kwambiri poyerekeza ndi ya `EURUSD`, ndipo imatambasuka zedi misika ya ku South Africa ndi London ikatseka.

Pa kiripito komishoni imakhala ya peresenti. Mtengo woyambira pa Binance pogula ndi kugulitsa mwachindunji ndi 0.1 peresenti mbali iliyonse, ulendo wonse 0.2. Ngati cholinga chanu ndi 0.3 peresenti, magawo awiri mwa atatu apita kale. Yerekezani ndi `EURUSD`, pamene mapipi 1.2 pa mtengo wa 1.0850 ndi pafupifupi 0.011 peresenti.

Ndikachepetsa loti, vutoli lichepa?

Mudzaluza pang'onopang'ono, koma mudzaluzabe. Loti imachepetsa phindu ndi mtengo mofanana.

Ndiye njira yanga ya `M5` ija ndiitaye?

Musanaitaye, yesani zinthu ziwiri. Choyamba, gawani matiredi 100 aja malinga ndi ola. Ngati ambiri oluza ali usiku pamene sipuredi ndi yotambasuka, kungosiya maola amenewo n'kusamukira ku akaunti ya 0.9 kukhoza kukutulutsani m'madzi. Koma samalani: mukachotsa maola mutaona kale zotsatira, n'kosavuta kudzinamiza. Yesani lamulo latsopanolo pa miyezi ina imene simunaiyang'anepo.

Chachiwiri, yesani lingaliro lomwelo pa tchati cha `H1`, cha ola limodzi, cholinga 40, sitopu 40. Ngati 55 pa 100 ija ingakhalepobe, ndipo zimenezi muyenera kuziwerenganso osangoganizira, phindu likhala mapipi 2,200 kuchotsa 1,800, otsala 400. Chotsani 142.5 yomwe ija, mutsala ndi 257.5. Popeza sitopu yatalika kanayi, loti iyenera kuchepa kanayi kuti muziika pachiswe madola 10 omwewo, ndiye ndalama zimene mumalipira pa tiredi iliyonse zitsika kanayinso. Matiredi 100 amenewa sadzakwana m'mwezi umodzi, akhoza kutenga theka la chaka. Ndipo ena mwa iwo adzagona pamsika kudutsa 5 koloko ya ku New York, ndiye mu `M` yanu muonjezeremo `Swap`, chiwongoladzanja chogonera, chimene pa `EURUSD` chimawerengedwa katatu usiku wa Lachitatu pofuna kulipirira Loweruka ndi Lamlungu.